Khutu la Mlembi: Luso Loyeretsa Macheza Ojambulidwa

Khutu limakhululuka zambiri. Munthu akamayankhula n'kumati "eee", n'kuyamba chiganizo n'kuchisiyira panjira, wina n'kumulowerera, ife omvetsera sitidandaula, chifukwa timaona nkhope yake, timamva pamene mawu akwera ndi pamene atsika, ndipo timadziwa pakamwa pamene mawuwo achokera. Koma mawu omwewo akangotsikira papepala, diso silikhululuka. Taonani kachigawo aka, kolembedwa monga mmene kanamvekera mu rekoda, pa macheza amene mtsikana wina wochita kafukufuku anachita ndi gogo wina wa ku Kasungu pa nkhani ya njala ya 2002:

eee chaka chimenecho ndiye kuti eee mwaona mvula inabwera mmm inabwera ndithu koma ujeni inali 2001 ayi agogo 2002 eya 2002 ndiye chimanga basi ati anagulitsa kunja kaya mmm ife tinangomva tinayenda tinayenda tinayenda kukafuna gaga mpaka ku ujeni ku Santhe mwana wa eee mdzukulu wanga wina ndiye anatisiya mwezi womwewo wa Febuluwale pepani agogo ndiye kumudzi kuno kunali zii

Palibe liwu labodza pamenepa, koma palibenso amene angawerenge masamba makumi awiri otere osatopa. Ndipo choopsa si kutopa kokha ayi. Wowerenga sadziwa kuti m'mizere imeneyi mukuyankhula anthu atatu, sadziwa amene watchula chaka cha 2002, ndiponso sadziwa poyambira akafuna kukamva yekha mawuwo. Ntchito yochotsa mavuto atatuwa ndi imene ndikufuna kuiyang'anitsitsa, kudzera m'manja mwa mayi wina wa ku Zomba amene kwa zaka zambiri wakhala akulembera anthu ochita kafukufuku, ndipo kachigawo kameneka kanadutsa pa tebulo lake. Ndimasirira kagwiridwe kake ka ntchito chifukwa amachotsa zinthu zambiri, koma ukamaliza kuwerenga sumva kuti gogo uja waberedwa kanthu.

Chinthu choyamba chimene amachita sichioneka ngati luso n'komwe. Akamaliza kulemba kope loyamba, lija lodzadza ndi ma "eee", amalisunga palokha ndipo salikhudzanso. Amapanga kope lachiwiri, n'kulipatsa dzina lina, monga `KSG07_loyamba.docx` ndi `KSG07_loyera.docx`, ndipo kuyeretsa konse kumachitikira m'kope lachiwirilo. Alembi a ntchito imeneyi amawerengera kuti ola limodzi la mawu limadya maola anayi kapena asanu ndi limodzi kuti lilembedwe, ndipo amachuluka kuposa apa ngati oyankhula ali ambiri kapena pali phokoso la mphepo ndi nkhuku. Munthu amene wavutika chotero safuna kudzabwerezanso ntchitoyo tsiku limene mwini kafukufuku adzafunse kuti, "Kodi apa agogo anazengereza kapena anayankha msangamsanga?" Yankho la funso lotere limakhala m'kope loyamba.

Kenaka amayamba kulekanitsa oyankhula, asanachotse liwu ngakhale limodzi. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake. Timawu tija timaoneka topanda ntchito ndi timene timasonyeza malire a anthu. "Mmm" woyamba m'kachigawo kathu si wa gogo, ndi wa mtsikana wofunsa, amene akuvomereza kuti nkhani ipitirire monga mmene tonse timachitira pocheza ndi wamkulu. Ukafafaniza "mmm" ameneyo poyamba, umataya chizindikiro chakuti pamenepo panali pakamwa pena. Choncho mayiyu amavala mahedifoni, n'kumvetseranso kuyambira pachiyambi, khutu lake lili pa chinthu chimodzi chokha: mawu asintha pati? Pamene asintha amatsitsa mzere, n'kulemba dzina la udindo m'zilembo zikuluzikulu: WOFUNSA, GOGO, MDZUKULU. Salemba mayina enieni, chifukwa anthu ambiri amalola kujambulidwa atalonjezedwa kuti dzina lawo silidzatuluka, ndipo kope loyera ndi limene limayenda m'manja ambiri.

Kumudzi macheza a anthu awiri sakhala a anthu awiri. Wofufuza amabwera ndi pepala lonena kuti acheza ndi munthu mmodzi, koma pakhonde pamakhala mdzukulu amene wabweretsa mpando n'kukhalira pomwepo, mpongozi amene akusenda nandolo chapafupi, ndi mnansi wodutsa amene wapereka moni n'kuponyapo liwu. Mlembi waulesi amatenga mawu onse amene si a wofunsa n'kuwaunjika pa GOGO. Zotsatira zake n'zakuti gogo amaoneka ngati akudzitsutsa yekha, kunena 2001 kenaka n'kudziuza kuti "ayi agogo". Apa n'posavuta kugwira, chifukwa palibe gogo amene amadzitchula agogo podzikonza. Koma mdzukuluyo akanangoti "2002" osawonjezera kanthu, chaka chimenecho chikanalowa m'kamwa mwa gogo, ndipo palibe akanadziwa.

Vuto lina ndi la Chichewa chathu chenicheni. Timakonda kufotokoza nkhani posewera mbali za anthu amene tikuwanena. Gogo akafika pamene anakumana ndi wogulitsa gaga, sanena kuti munthuyo anakana. Amati, "Ndiye amvekere, mayi ndalama zimenezi sizikwana. Ine ndati, bambo ndachokera kutali." Ndipo pochita zimenezi amasintha mawu, amawakulitsa ngati a mwamuna. Mlembi wongoyamba kumene amatsitsa mzere n'kulemba kuti pabwera mwamuna wina. Mayiyu amadziwa kuti "amvekere", "ndati", "akuti" ndi zitseko zolowera m'mawu a munthu amene palibe pakhondepo, ndipo mawuwo amawasiya pansi pa GOGO, n'kungowaika m'zizindikiro za mawu ogwidwa. Chimene chimamuthandizanso ndi mtunda. Munthu amene ali pafupi ndi rekoda amamveka mosiyana ndi amene ali chapatali, ndipo gogo ngakhale asinthe mawu chotani, mtunda wake susintha. Mawu a mdzukulu amabwera ocheperako, osakanikirana ndi phokoso la pabwalo. Pamene wamvetsera kangapo koma sakutsimikiza, sapeka. Amalemba dzina limene akuliganizira n'kuika chizindikiro cha funso pambali pake, kuti amene analipo pa tsikulo adzathetse yekha.

Nanga anthu awiri akayankhulira pamodzi? Akatswiri ofufuza kapangidwe ka macheza, otsatira njira imene anakonza Gail Jefferson, amasonyeza ndendende pa liwu limene mawu a awiriwo agundana, ndipo amayeza ngakhale kupuma kosakwana sekondi imodzi. Imeneyo ndi ntchito ina, ya anthu amene akufufuza mmene timapatsirana mpata poyankhula. Kope loti liwerengedwe mosavuta silifuna zonsezo. Mayiyu amangoika timadontho titatu pamene munthu wadulidwa, n'kupereka mzere kwa wodulayo, kenaka n'kubwerera. Wowerenga amamva kuti gogo sanamalize, ndipo zimenezo n'zokwanira.

Tsopano tifike pamene pali mtima wa ntchitoyi, pochotsa mawu ongodzadzira. Kope loyera la kachigawo kaja linatuluka chonchi:

[00:14:32] GOGO: Chaka chimenecho mvula inabwera, inabwera ndithu. Koma inali 2001...

MDZUKULU: Ayi agogo, 2002.

GOGO: Eya, 2002. Ndiye chimanga basi. Ati anagulitsa kunja, kaya. Ife tinangomva. Tinayenda, tinayenda, tinayenda kukafuna gaga mpaka ku Santhe. Mdzukulu wanga wina ndiye anatisiya mwezi womwewo wa Febuluwale. [chete, masekondi 11]

[00:15:20] WOFUNSA: Pepani agogo.

GOGO: Ndiye kumudzi kuno kunali zii.

Zimene zachoka n'zoonekeratu: ma "eee" onse atatu, "ndiye kuti", "mwaona", ma "ujeni" awiri, ma "mmm" a wofunsa, ndi chiyambi chakufa chija cha "mwana wa". Koma luso likuoneka kwambiri pa zimene zatsala, chifukwa mwa zotsalazo muli mawu amene mlembi wina akanawasesa limodzi ndi zinyalala. Ntchitoyi ili ngati kupeta mpunga palichero: mankhusu ayenera kuuluka, koma ukaponya mwamphamvu kwambiri, mpunga wosweka umapita nawo, ndipo umenewonso ndi chakudya.

Funso limene mayiyu amadzifunsa pa liwu lililonse lokayikitsa ndi limodzi: ndikalichotsa, kodi zimene munthuyu wavomera kuti akuzidziwa zisintha? Tiyese pa "ati". Kaliwu kameneka n'kakafupi, kamanenedwa mothamanga, ndipo kamamveka ngati kupuma chabe. Koma tachotsani muone: "Chimanga basi. Anagulitsa kunja." Gogo wasanduka mboni. Akuoneka ngati akunena zimene anaona ndi maso, pamene iye anasamala kwambiri kunena kuti ndi zakumva. Nkhani yakuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa njala isanafike ndi yodziwika, ndipo inakambidwa kwambiri m'dziko muno, koma phindu la umboni wa gogoyu silili potsimikiza zimenezo. Lili posonyeza mmene nkhaniyo inafikira kumudzi: ngati mphekesera, kwa anthu amene analibe pofunsa. "Ati", "kaya" ndi "ife tinangomva" ndi mawu atatu amene anyamula zimenezi, ndipo awiri oyambawo ali pa mndandanda wa mawu amene alembi ambiri amawatenga ngati ongodzadzira.

"Kaya" ali ndi nkhope ziwiri. Pali anthu amene amamuponya kumapeto kwa chiganizo chilichonse mwa chizolowezi, ndipo kwa iwo mayiyu amachotsa ambiri n'kusiya mmodzimmodzi. Koma kuti adziwe zimenezi amayamba wawerenga kope lonse, kuona kuti munthuyu amamugwiritsa ntchito kangati ndiponso pati. Gogo wa ku Kasunguyu sankamutchula kawirikawiri, choncho pamene wamutchula panali kukayika kwenikweni. Apa mpamene ndimaona kuti lamulo la mndandanda silingagwire ntchito. Liwu limakhala lodzadzira kapena lofunika malinga ndi pakamwa pamene latuluka.

"Basi" nayenso watsala. "Chimanga basi" ndi chiganizo chathunthu, kutanthauza kuti chinatha, ndipo n'kutheka kuti gogo anapukuta manja ponena zimenezo. "Ndiye" watsala katatu, ndipo paliponse ali ndi ntchito: kawiri akulumikiza zochitika monga mmene wokamba nthano amachitira, ndipo kamodzi, pa "mdzukulu wanga wina ndiye anatisiya", akuloza munthu. Yekhayo amene wachoka ndi "ndiye kuti" wa koyamba uja, amene gogo anangotsamirapo pofunafuna poyambira. "Tinayenda" watsala katatu konse. Kubwereza kwa chibwibwi, monga "ti-ti-tinapita", kumachotsedwa, chifukwa papepala kumangonyozetsa munthu. Koma kubwereza uku ndi muyeso wa mtunda. M'Chichewa ulendo wautali timaunena motero, ndipo "tinayenda" mmodzi ndi ulendo wa kuchitsime. "Zii" sindinganene zambiri. Mlembi amene angamuchotse poganiza kuti ndi phokoso, kapena kumusandutsa "kunali chete kwambiri", sanamve kuti liwu limodzili ndi limene gogo anamangira ndime yonse.

"Ujeni" amafuna khutu lochenjera koposa. M'kachigawo kathu onse awiri achoka, chifukwa gogo ankangofunafuna liwu ndipo analipeza: "ku ujeni, ku Santhe". Koma pali "ujeni" wina amene satsatiridwa ndi dzina. Munthu amati "anabwera a ujeni aja usiku" n'kupitiriza, ndipo dzinalo akulidziwa bwino lomwe. Mwina ndi mpongozi amene mwambo sulola kumutchula, mwina ndi munthu amene akadali moyo m'mudzi momwemo, mwina ndi mantha amene anthu okalamba anatsala nawo kuchokera m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene kutchula dzina kunkatha kukuika m'mavuto. "Ujeni" wotereyu ndi chisankho cha woyankhula. Mayiyu amamusiya, ndipo salowetsapo dzina ngakhale atalidziwa kuchokera patsamba lina.

Koma malo amene amandichititsa chidwi koposa onse ndi a chaka chija. Mlembi wofuna ukhondo akanalemba kuti, "Chaka chimenecho mvula inabwera ndithu. Inali 2002." N'zosalala, zachotsa cholakwa, zachotsa wolowerera. Komabe gogo sanalakwe. Iye ankanena za mvula, ndipo mvula imene inawononga mbewu inali ya kumayambiriro kwa 2001, pamene minda inamira ndipo zokolola za chimanga m'dziko zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Njala inadzafika pachimake m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi 2002, ndipo ndi kumapeto kwa Febuluwale komweko pamene Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Mdzukulu ankanena za dzina limene njalayo imadziwika nalo, gogo ankanena za pamene inayambira m'munda mwake. Ndipo gogo anagonja, n'kuti "eya, 2002", monga mmene okalamba ambiri amagonjera achinyamata opita kusukulu pa nkhani ya manambala. Sindikunena kuti mlembi ayenera kukhala katswiri wa mbiri yakale. Mayiyu sanafunike kudziwa za mvula ya 2001 kuti asunge mzerewo. Anangotsatira lamulo lake lakuti pamene nambala, dzina kapena malo zakonzedwa, kukonzako kumatsala poyera pamodzi ndi amene wakonza. Lamulolo linapulumutsa chinthu chimene wofufuza wodziwa mbiri adzachiona n'kuchikondwerera.

Pa chiyambi chakufa cha "mwana wa eee mdzukulu wanga" mpamene ine ndikanazengereza. Mayiyu anachichotsa poona kuti gogo anangosankha njira yachidule yonenera munthu yemweyo, popeza mwana wa mwana wako ndi mdzukulu. Ndikumvetsa. Komabe n'kutheka kuti gogo anatsala pang'ono kutchula dzina la kholo la mwanayo, n'kubweza chifukwa cha chisoni kapena chifukwa cha amene anali pakhondepo. Ine ndikanasiya timadontho pamenepo. Alembi awiri abwino angasiyane pa malo otere, ndipo n'chifukwa chake kope loyamba silitayidwa.

Chete wa masekondi 11 walembedwa, ngakhale kuti kupuma kwina konse kwa sekondi imodzi kapena ziwiri sikunalembedwe. Mayiyu amayamba kulemba kupuma kukapitirira masekondi anayi kapena asanu, makamaka kukabwera pambuyo pa nkhani yolemera. Popanda mzere umenewo "pepani agogo" akanaoneka ngati mwambo wothamanga, wofunsa akufuna kupita ku funso lotsatira. Ndi mzerewo tikuona kuti mtsikanayo anadikira. Kuseka nakonso amakulemba, chifukwa mawu ena onenedwa moseka amasanduka mwano kapena bodza akalembedwa opanda chizindikiro.

Pali njira yachidule imene imakopa aliyense amene ali ndi masamba ambiri ndi nthawi yochepa: kutsegula `Find and Replace` mu Microsoft Word, kulemba liwu, n'kuuza kompyuta kuti ilichotse paliponse. M'Chichewa njira imeneyi ndi msampha. Mukachotsa "eti" motero, "geti" amatsala "g", "neti" amatsala "n", "siketi" amatsala "sik". Mukachotsa "ati", mwawononga "ngati" ndi "pakati" aliyense m'kope lonse. Wina anganene kuti ingosankhani `Find whole words only`. Zimathandiza pang'ono, koma kompyuta siisiyanitsa "basi" wotanthauza kuti zatha ndi "basi" amene munthu anakwera popita ku Lilongwe, ndiponso siidziwa "ndiye" wodzadzira ndi "ndiye" wa "uyu ndiye mwini munda". Kope limene ladutsa mumsampha umenewu limadziwika ndi mipata iwiriiwiri pakati pa mawu, makoma oyandikana opanda kanthu pakati, ndi ziganizo zonga "tinakwera mpaka ku tauni". Mayiyu amagwiritsa ntchito chida chofufuzira mawucho, koma kuti chimufikitse pa liwu lililonse, iye n'kugamula limodzilimodzi. Ndi "eee" yekha amene amamuchotsa mwachangu, ndipo ngakhale iyeyo amayamba wamuona, popeza pambuyo pa funso "eee" amakhala yankho lovomera. "Mmm" wa woyankha ndi chimodzimodzi: wina ndi "inde", wina wodukiza pakati ndi "ayi", ndipo papepala amafanana. Pamenepo amamvetseranso n'kulemba pambali kuti wavomera kapena wakana.

Palinso malire amene sadumpha. Kuyeretsa si kukonza chilankhulo cha munthu. Gogo wa m'chigawo chapakati akati "ndidapita" kapena "adabwera", mayiyu salemba "ndinapita" kapena "anabwera" kuti zifanane ndi kalembedwe kake. Wa ku Mulanje akasakaniza Chilomwe, kapena wa m'tauni akalowetsa Chingerezi, zimatsala momwemo. Alembi a Hansard ku Nyumba ya Malamulo amaloledwa kusalaza ziganizo za aphungu, chifukwa cholinga chawo ndi kusunga mfundo zimene zanenedwa. Koma pa mbiri yapakamwa kayankhulidwe nakonso ndi umboni. Amene anawerenga buku la Megan Vaughan la 1987 lonena za njala ya 1949 m'dera la Blantyre adziwa kuti zambiri za mmene amayi anavutikira zinachokera m'zokumbukira zawo ndi m'nyimbo za pamtondo, osati m'malipoti a boma la atsamunda. Mawu a anthu otere ukawapaka mafuta kwambiri, amayamba kumveka ngati lipoti lomwelo.

Zizindikiro za nthawi zimaoneka ngati mbali yosavuta, ndipo kuziika n'kosavutadi. Mu oTranscribe, pulogalamu yaulere imene alembi ambiri amaikonda, batani la `Esc` limayimitsa ndi kuyambitsanso mawu, ndipo `Ctrl+J` imaika nthawi pamene pali cholozera. Ena amagwiritsa ntchito Express Scribe ndi chopondera cha phazi, kuti manja asachoke pa kiyibodi. Nzeru ili posankha poika. Ukaika pa mzere uliwonse, tsamba limadzadza manambala ndipo diso limapunthwa. Ukaika pa mphindi khumi zilizonse, wofuna liwu limodzi amafufuza mpaka kutopa. Mayiyu amaika pa funso lililonse latsopano, pamene nkhani yasintha ngakhale funso lisanasinthe, ndipo gogo akayankhula nthawi yaitali osadulidwa, amaika pa mphindi ziwiri zilizonse, koma pachiyambi cha chiganizo, osati pakati. Amalemba manambala onse, ola, mphindi ndi masekondi, ngakhale ola lisanakwane, kuti 14:32 asasokoneze munthu ngati ndi nthawi ya masana. Ndipo malo alionse amene sanamve amawapatsa nthawi yawoyawo, motere: [sizikumveka 00:22:07]. Wofufuza amene analipo amapita pomwepo, n'kumva m'masekondi ochepa liwu limene iye akulikumbukira.

Kwa ine zizindikiro zimenezi ndi zimene zimapatsa mlembi ufulu wochotsa. Pamene wachotsa "ujeni" ndi "mwana wa", waikanso nambala imene ikuuza aliyense wokayika kuti apite pa 00:14:32 akamve yekha. Koma zimenezi zimagwira pokhapokha manambalawo akugwirizana ndi fayilo imene wowerenga ali nayo, ndipo apa mpamene zinthu zimasokonekera kawirikawiri popanda wozindikira.

Njira zosokonekera ndi zingapo, ndipo iliyonse ili ndi chizindikiro chake. Yoyamba: wina amatenga fayilo n'kudula moni ndi kupempha chilolezo za koyambirira, tinene mphindi 2 ndi masekondi 15, kenaka n'kupereka fayilo yodulidwayo kwa mlembi, pamene yosungidwa ndi yathunthu. Mawu amene m'kope ali pa 00:14:32 adzapezeka pa 00:16:47 mu fayilo yathunthu, ndipo a pa 00:40:00 adzapezeka pa 00:42:15. Kusiyanako n'kofanana paliponse, ndipo kukonza kwake n'kungowonjezera nambala yomweyo pa chizindikiro chilichonse. Yachiwiri ndi yobisika kwambiri. Gogo akamayankhula mothamanga, mlembi amafuna kuchepetsa liwiro. Akachepetsa mu pulogalamu yomvetsera, wotchi yake imawerengabe nthawi yeniyeni ya fayilo ndipo palibe vuto. Koma akapita mu Audacity n'kugwiritsa ntchito `Change Tempo`, n'kusunga fayilo yatsopano yoyenda pa 80 peresenti, ola limodzi limasanduka mphindi 75. Mawu a pa 00:14:32 amasamukira pa 00:18:10, chifukwa masekondi 872 asanduka 1,090. Chizindikiro cha vuto limeneli n'chakuti kusiyana kumakula: koyambirira ndi masekondi ochepa, pakati ndi mphindi zingapo, kumapeto ndi kotala la ola. Yachitatu imabwera pamene macheza anajambulidwa m'mafayilo awiri, mwina batire linatha kapena gogo anapita kukaona mphika. Fayilo yachiwiri imayambanso pa ziro, ndipo kope limakhala ndi 00:05:00 awiri. Mayiyu saphatikiza nthawizo pamodzi. Amalemba mzere woonekera bwino wonena kuti fayilo yachiwiri yayambira apa, ndi dzina lake, n'kuika nambala 2 patsogolo pa chizindikiro chilichonse chotsatira.

N'chifukwa chake asanapereke ntchito amatsegula fayilo imene mwini wake akusunga, osati imene iye ankagwiritsa ntchito, n'kuyesa malo atatu: chakoyambirira, pakati, ndi chakumapeto. Malo amodzi sakwanira, chifukwa vuto la liwiro silioneka bwino m'masekondi oyambirira. Atatu akagwirizana mkati mwa masekondi awiri kapena atatu, amakhutira. Amakondanso kuika chizindikiro sekondi imodzi kapena ziwiri mawu asanayambe, kuti womvetsera asagwere pakati pa liwu.

Ulendo womaliza ndi womvetsera macheza onse pa liwiro lake lenileni, maso ali pa kope loyera. Pamenepa safufuzanso ma "eee". Akuyesa ngati munthu wa papepala ndi yemweyo wa m'makutu, ndipo mpamene amabwezera "eti" mmodzi apa, "mwanawe" mmodzi apo, pamene waona kuti gogo wayamba kumveka ngati akuwerenga chikalata. Akatero amalemba mizere yochepa pamwamba pa tsamba loyamba: dzina la fayilo ndi kutalika kwake, tsiku la macheza, amene akuimiridwa ndi WOFUNSA, GOGO ndi MDZUKULU, mitundu ya mawu imene yachotsedwa, imene yasungidwa dala, ndi chenjezo lakuti wofuna kugwira mawu a gogo m'buku kapena m'nyuzipepala ayambe wamvetsera malowo mu fayilo.